Mthunzi wa ndevu pachithunzi cha suti: chochotsa n'chiti, chosiya n'chiti?

Bambo wina wogwira ntchito yowerengera ndalama analowa m'situdiyo cha m'ma 3 koloko masana, jekete ili pamkono, taye ali m'thumba. Kuntchito kwake ankafuna chithunzi cha kumutu ndi mapewa choti chilowe m'lipoti la pachaka. Amasunga ndevu zazifupi zotsata nsagwada ndi chibwano, koma masaya ndi khosi amameta, ndipo tsikulo anali atameta m'bandakucha. Titamaliza kujambula ndinamuonetsa pakompyuta chithunzi chimene ndinachikonda. Anachiyang'ana kanthawi, kenako analoza tsaya lake pasikirinipo.

"Achimwene, mdima uwu wachokera kuti? Ine ndameta lero lomwe. Tangoufufutani wonse, ndipo mzere wa ndevuwu muuwongole ngati wa kometa."

Ndinamuyankha kuti, "Bambo, mdimawu tiuchepetsa, koma wonse ayi. Tikaufufuta wonse, anzanu a kuntchito akuzindikirani chifukwa cha taye wanu yekha."

Pempho la bamboyu ndi limene wojambula aliyense amamva, ndipo ambiri amalikwaniritsa mwachangu: amatenga chida chosalaza, n'kupukuta tsaya mpaka likhale see ngati la chidole cha m'sitolo ya zovala, kenako n'kudula malire a ndevu ngati adula ndi mpeni. Chithunzi chotere chimaonekera patali kuti chagwidwagwidwa. Ntchito yabwino imayamba ndi kuzindikira kuti chimene diso likudana nacho pamalo ometedwa ndi mtundu wa khungu umene wasintha komanso kuda kwake. Timabowo ta pakhungu ndi tizitsa ta ndevu si vuto, ndipo ndi timene timachititsa nkhope kuoneka ya munthu wamoyo. Choncho timakonza mtundu ndi kuwala, khungu lenilenilo n'kulisiya mmene lilili.

Ndevu zimakula pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.4 patsiku. Munthu amene wameta 5 koloko m'mawa, pofika 3 koloko masana tizitsa take timakhala tatuluka pafupifupi mamilimita 0.15. Pagalasi la kubafa zimenezi sizioneka kwenikweni. Koma kamera ya mamegapikiselo 24 imajambula mapikiselo 6000 m'litali, ndipo ngati chithunzicho chatenga theka la mita kuchokera pamwamba pa mutu kufika pachifuwa, milimita iliyonse imakhala ndi mapikiselo 12. Kachitsa kalikonse kamakhala kadontho kakuda ka mapikiselo pafupifupi awiri. Timadontho timeneti tikachuluka, ndipo chithunzi chikachepetsedwa kuti chikwane patsamba, timasungunukira pamodzi n'kukhala chimdima chotuwa.

Mthunziwu suoneka mofanana pa anthu onse, ndipo apa m'pamene malangizo ambiri ophunzitsa ntchitoyi amasocheretsa wojambula anthu akuda. Pakhungu loyera, tsitsi limene likadali mkati limaonekera kunja, ndipo malowo amaoneka obiriwira kapena abuluu wotuwa, monga mmene mitsempha imaonekera pamkono wa mzungu. Kuwala kofiira kumalowa mozama pakhungu n'kukamezedwa ndi tsitsi lakudalo, pamene kwa buluu kumabwerera kuchokera pamwamba. Pakhungu lakuda zimenezi sizichitika kwambiri chifukwa khungu lapamwambalo limabisa zamkati. Kwa ife mthunzi umabwera ndi tizitsa tapamwamba, kutuwa kwa khungu louma limene lezala wadutsapo, ndi timawanga takuda totsalira pamene panali ziphuphu za kumeta. Ziphuphuzi n'zofala kwa amuna a tsitsi lopotana, chifukwa ndevu ikadulidwa mwafupi kwambiri imapindika n'kulasanso khungu. Ndiye wojambula akangotsatira lamulo loti "chotsa buluu", pakhungu lakuda sapezapo buluu woti achotse, ndipo amangomaliza atafiiritsa nkhope yonse.

Zina mwa ntchitoyi zimathera pamaso pa kamera, kompyuta isanayatsidwe. Kuwala kolimba kochokera m'mbali kumapatsa kachitsa kalikonse ndi kachiphuphu kalikonse mthunzi wakewake. Kuwala kofewa kochokera kutsogolo, monga kwa windo lalikulu kapena fulashi ya m'ambulera, kuphatikizapo chikatoni choyera chogwiridwa pachifuwa kuti chibweze kuwala pansi pa chibwano, kumachepetsa mthunziwo kwambiri. Munthu amete maola angapo asanajambulidwe kuti khungu liyambe lakhazikika, ndipo wovutika ndi ziphuphu ndi bwino agwiritse ntchito makina ometera m'malo mwa lezala. Mafuta adzole pang'ono, chifukwa akachuluka tsaya limanyezimira. Ndipo amene akutumizirani chithunzi pa WhatsApp kuti mumukonzere, mumuuze achitumize ngati Document. Chikabwera mwanjira yamasiku onse chimakhala chitapanidwa, tsitsi litasanduka timabokosi, ndipo palibenso chokonza mwaukhondo.

Tibwerere kwa bambo uja. Ndinatsegula chithunzi chake mu Photoshop, ndipo ndisanagwire burashi ndinayamba ndayeza. Diso limanama msanga, makamaka ukayang'ana nkhope imodzi kwa mphindi zambiri. Ndinasankha chida cha Eyedropper, n'kuika Sample Size pa 11 by 11 Average kuti chisawerenge kadontho kamodzi kokha koma chiphatikize malo okulirapo. Pamwamba pa tsaya, pamene sipamera ndevu, manambala a kufiira, kubiriwira ndi buluu anali 128, 84 ndi 62. Pamunsi pang'ono, pamalo ometedwa amene akulandira kuwala komweko, anali 98, 74 ndi 66. Manambalawa akunena zinthu ziwiri. Kufiira kwatsika ndi 30 pamene buluu sanatsike, kutanthauza kuti malowo ataya kutentha kwa mtundu wake n'kutuwa. Komanso malowo adako. Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake.

Choyamba ndi mtundu. Ndinapanga leya yatsopano yopanda kanthu pamwamba pa chithunzi, n'kusintha kasakanizidwe kake kuchoka pa Normal kupita pa Color. Leya yotere imasintha mtundu wokha wa zimene zili pansi pake, koma kuwala ndi mdima, pamodzi ndi timabowo tonse ta pakhungu, zimatsala mmene zinalili. Ndinatenga burashi yofewa, Hardness pa 0, yaikulu ngati diso la munthuyo pachithunzipo, Flow pa 5. Ndikugwira batani la Alt ndinatola mtundu pakhungu labwino loyandikana ndi malo ometedwawo, n'kuyamba kupaka pang'onopang'ono. Chinsinsi chake n'kutolanso mtundu pafupipafupi. Tsaya la kumene kukuchokera kuwala lili ndi mtundu wake, la kumthunzi lili ndi wake, ndipo pamwamba pa mlomo n'posiyananso. Ukatola kamodzi n'kupaka nkhope yonse, munthu amaoneka ngati wapakidwa dothi la katondo. Nditamaliza ndinatsitsa Opacity ya leyayo kufika pa 50, chifukwa pamalo omera ndevu khungu la mwamuna limakhala lotuwirapo mwachibadwa, ndipo pang'ono pa kutuwako payenera kutsala.

Burashi imeneyi iyenera kuyenda mosamala pafupi ndi zinthu zitatu: ndevu zenizenizo, milomo ndi kolala ya malaya. Ikadutsa pandevu zakuda, zimasanduka zofiirira ngati zapsa ndi dzuwa. Ikakhudza kolala yoyera, imasiya banga ngati la thukuta. Pamene yadumphira, ingofufutani pa leya yomweyo, popeza chithunzi choyambirira chili bwinobwino pansi.

Nthawi zambiri, mtundu ukangokonzedwa, theka la dandaulo limakhala latha. Zinateronso kwa bamboyu. Chotsala chinali kuda. Apa ndinaika leya ya Curves, n'kukweza pakati pa mzere wake pang'ono mpaka chithunzi chonse chinawala. Kenako ndinadina masiki yake n'kusindikiza Ctrl+I kuti ide, kuwala konse kuja n'kubisika. Tsopano paliponse pamene ndapaka ndi burashi yoyera pa masikiyo, kuwala kumatulukira pamenepo pokha. Flow ndinaiika pa 2. Ndi yochepa dala, kuti dzanja lidutse kasanu kapena kakhumi musanaone kusintha, ndipo ndiyo njira yokhayo yopewera timizere tooneka. Sindinawalitse tsaya lonse mofanana. Ndinachepetsa chithunzi pasikirini, ndinatsinzina pang'ono, n'kufunafuna timalo timene taderapo kuposa toyandikana nato, ndipo ndi timeneto ndinatipaka. Nditayezanso, malo ometedwa aja anali pa 113, 79 ndi 61. Sanafike pa 128 wa tsaya lapamwamba, ndipo sindinafune kuti afike. Ndimaima chapakati, pamene munthu amaoneka ngati wangometa kumene.

Pali mthunzi wina umene suyenera kukhudzidwa, ndipo oyamba kumene ntchitoyi amausokoneza ndi wa ndevu. Ndi uja wa pansi pa nsagwada ndi chibwano, wogwera pakhosi, komanso kamdima ka pansi pa fupa la tsaya. Umenewu ndi wa kuwala, ndipo ndi umene umalekanitsa mutu ndi khosi n'kupatsa nkhope maonekedwe ake. Mukauwalitsa, chibwano chimasungunukira m'khosi, munthu n'kuoneka wonenepa kuposa mmene alili. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mthunzi wa ndevu umatsata malo omera ndevu ndipo umapezeka mbali zonse ziwiri, ngakhale kumene kukuwala. Mthunzi wa kuwala umakhala mbali yotalikirana ndi nyali, ndipo umagweranso pamalo osamera ndevu monga m'mphepete mwa mphuno.

Ziphuphu za pakhosi ndinazitenga chimodzichimodzi. Pa leya ina yopanda kanthu, ndi chida cha Healing Brush chitaikidwa pa Current & Below, ndinkatola khungu labwino pafupi penipeni n'kuphimba chiphuphu ndi burashi yongokulirapo pang'ono kuposa icho. Chida chimenechi chinabwera mu Photoshop 7.0 m'chaka cha 2002, ndipo ubwino wake ndi woti chimatenga kakhalidwe ka khungu pamene mwatola, koma mtundu ndi kuwala chimafananiza ndi pamene mukuphimba. Chofunika n'kutola khungu lometedwa pophimba malo ometedwa. Mukatola pamphumi, mumasiya kachigamba kosalala pakati pa tizitsa, kooneka ngati chipsera cha moto. Ziphuphu zotupa zimene zitha sabata yamawa ndinachotsa zonse. Timawanga takale ndinangotichepetsa ndi leya ya Curves ija. Kachipsera ka pachibwano ndinamufunsa mwini wake, ndipo anati kakhale, n'ka ubwana wake.

Tsopano mzere wa ndevu, umene ndi wovuta kuposa zonsezi. Munthu akachoka kometa, timati mzere wake ndi wakuthwa. Koma mukaukulitsa pakompyuta mupeza kuti si mzere ayi. Ndi nsonga za tsitsi mazanamazana zimene zathera pafupifupi pamalo amodzi, zina zitapitirira pang'ono, zina zitatsalira, khungu likuonekera pakati pake. Diso la munthu limazidziwa zimenezi ngakhale mwini wake sangazifotokoze. N'chifukwa chake malire odulidwa ndi Pen Tool, kapena opakidwa ndi burashi yolimba, amachititsa ndevu kuoneka ngati zomata za m'sewero. Mzere wa pachithunzi uyenera kumangidwa ndi tsitsi, lililonse palokha.

Kwa bamboyu mbali ya kumanja inali bwino. Ya kumanzere inali ndi tsitsi pafupifupi 20 lomwazikira patsaya pamwamba pa mzere, ndi kampata kakang'ono pafupi ndi ngodya ya nsagwada pamene makina analumapo. Ndinayamba ndi kuchotsa. Pa leya yatsopano ndinatenga Clone Stamp, burashi ya mapikiselo 6, Hardness pafupifupi 60, ndipo leyayo ndinaiika pa Lighten. Ikakhala choncho imangosintha zimene zili zakuda kuposa khungu limene mwatola, kutanthauza tsitsi lokhalo, khungu lozungulira osakhudzidwa kwenikweni. Burashi iziyenda motsata utali wa tsitsilo, kuchokera kunsonga kulowera kundevu, ndipo muzitola khungu latsopano pakatha tsitsi liwiri kapena litatu. Mukaiwala kutero, kabowo kamodzi ka pakhungu kamabwerezedwa kasanu mondondozana, ndipo wakuthwa maso amakaona nthawi yomweyo. Imvi yosochera imafuna zosiyana: leya ina yoikidwa pa Darken, popeza imviyo ndi yowala kuposa khungu. Pa tsitsi 20 lija ndinachotsa 15. Lisanu loyandikira kwambiri mzere ndinalisiya dala kuti malirewo apume.

Imvi za mkati mwa ndevu sindizikhudza pokhapokha mwini wake atapempha, ndipo ngakhale atero ndimamulangiza kuti tichepetse zongonyezimira kwambiri. Munthu wofika pamsonkhano ndi ndevu za imvi, pamene m'lipoti ali ndi zakuda bii, sanathandizidwe.

Kudzaza kampata kuja kunafuna kuleza mtima. Njira yabwino ndi kubwereka tsitsi lenileni. Ndi Clone Stamp pa leya ya Darken ndinatola ndevu zapafupi, zoloza mbali yomweyo, n'kuzidinda m'kampatamo pang'onopang'ono ndi Opacity ya 70. Mbali imene tsitsi laloza ndi nkhani yaikulu. Patsaya ndevu zambiri zimaloza pansi, pangodya ya nsagwada zimapendekera, ndipo pansi pa chibwano zimatha kuzungulira mwanjira yakeyake. Ndevu zopotana zimavutirapo chifukwa zimapanga timagulu, ndipo kagulu kakabwerezedwa kamadziwika msanga, choncho tolani m'malo atatu kapena anayi osiyana. M'mphepete mwenimweni ndinajambulamo tsitsi lochepa ndi dzanja, ndi burashi ya mapikiselo awiri, mtundu wake nditatola m'ndevu momwemo. Musagwiritse ntchito kuda kwenikweni kwa 0, 0, 0. Ndevu pachithunzi sizida chotero, ndipo tsitsi lojambulidwa ndi mtundu umenewo limayandama pamwamba pa chithunzi ngati la inki.

Pali kanthu kenanso kamene kamaulula ntchito yambiri yooneka yabwino. Chithunzi cha bamboyu chinajambulidwa pa f/4, kamera italunjika m'maso. Ndevu za pachibwano zinali zakuthwa, koma zoyandikira khutu zinali zitayamba kufewa chifukwa zili patali pang'ono ndi pamene kamera inalunjika. Tsitsi limene ndinajambula pangodya ya nsagwada linatuluka lakuthwa kuposa anzake onse. Ndinalifewetsa ndi Gaussian Blur ya 0.6 pa leya yake yokhayo mpaka linafanana ndi loyandikana nalo. Apa pokha ndi pamene chida chosalazachi chinagwira ntchito pachithunzi chonsechi.

Mzere wa pakhosi ometa ambiri amauika chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa fupa la pakholingo. Pachithunzi chojambulidwa kutsogolo mbali yaikulu ya mzerewu imabisika pansi pa chibwano, ndiye sipafunika zambiri kuposa kuchotsa tsitsi logwera pakolala. Chiyeso chachikulu ndi chofuna kufananitsa mbali ziwiri za nkhope, mwina pokopera tsaya labwino n'kulitembenuzira kwinako, kapena pokankha mzere ndi Liquify. Nkhope ya munthu si yofanana mbali zonse, ndipo pojambulidwa mutu umakhala utatembenukira pang'ono kwina. Tsaya lokoperalo limabwera ndi kuwala kwa mbali yolakwika. Liquify nayo imakoka tsitsi ndi timabowo ta pakhungu n'kuzitalikitsa, ndipo ikapitirira imasintha nsagwada ya munthu. Ngati ometa anakhotetsa mzere ndi theka la sentimita, ndi bwino kubwerera kometa n'kudzajambulanso kusiyana ndi kumanga ndevu zatsopano pakompyuta.

Mungadziwe bwanji kuti mwapitirira? Ine ndimayesa katatu. Ndimazimitsa ndi kuyatsa maleya onse pamodzi: ngati nkhope ikuoneka kuti ikudumpha kapena kusintha kaumbidwe, ndawonjeza, ndipo ndimatsitsa Opacity. Kenako ndimatembenuza chithunzi ndi Flip Canvas Horizontal, chifukwa diso likaona nkhope yotembenuzidwa limaiona ngati yachilendo ndipo zigamba zimatulukira poyera. Pomaliza ndimachichepetsa kufika pamsinkhu umene chidzasindikizidwe, mwina masentimita 4 kapena 5. Pamsinkhu umenewo tsitsi limodzilimodzi silionekanso, koma kusiyana kwa mitundu kumaoneka kwambiri. Tsaya likakhala lalalanje pamene mphumi ndi yofiirira, kapena pakaoneka kamzere kowala kozungulira ndevu ngati kuti zazingidwa ndi choko, ndiye kuti burashi yowalitsa inayandikira ndevu mopitirira.

Amene alibe Photoshop asadandaule. Pulogalamu yaulere ya GIMP ili ndi maleya, masiki, Curves, Clone ndi Heal, ndipo mmalo mwa Color mungagwiritse ntchito LCh Color. Mapulogalamu a pafoni osalaza nkhope ndi batani limodzi ndi amene sindingawalimbikitse pantchitoyi, chifukwa amachotsa khungu limene tikufuna kusunga.

Malire ena ndi a lamulo. Zonse zimene tafotokozazi ndi za chithunzi cha lipoti, cha chikalata chofunsira ntchito, cha patsamba la kampani kapena cha pakhoma la ofesi. Chithunzi cha pasipoti kapena viza ndi nkhani ina. Malamulo a dziko la Britain amanena kuti chithunzi cha pasipoti chisasinthidwe ndi pulogalamu ya pakompyuta, ndipo a dziko la America amakananso zithunzi zokonzedwa motero. Wofuna chithunzi chotere amete bwino, ajambulidwe pakuwala kofewa, chithunzicho chipite mmene chatulukira m'kamera.

Ntchito ya bambo uja inanditengera mphindi pafupifupi 25, ndipo zambiri mwa izo zinathera pa tsitsi la tsaya la kumanzere. Atabwera kudzatenga anayang'ana chithunzicho, anadzigwira tsaya, n'kufunsa kuti, "Ndiye mwakonza pati, achimwene?" Ndinamuonetsa choyambirira pambali pake, ndipo m'pamene anaona. Inu amene mukupita kukajambulitsa, muuzeni wojambula wanu kuti achepetse mthunzi ndi kuchotsa tsitsi losochera, koma khungu lanu alisiye, ndipo musanalipire pemphani kuona chithunzi choyambirira pambali pa chokonzedwacho.